Mphindi 19 za pa foni, tsamba limodzi la pa khoma

Achemwali anga anafika kwathu Loweruka lina madzulo, foni ili m'manja. Dzulo lake anali ataitanidwa kusukulu kukakumana ndi aphunzitsi a mwana wawo wamkazi wa Sitandade 3. Popeza amadzidziwa okha kuti akakhala pamaso pa aphunzitsi mutu umaima, anapempha kuti ajambule mawu pa foni, ndipo aphunzitsiwo anavomera. "Achimwene, ndamvetsera kawiri konse," anandiuza atakhala pa mkeka, "koma chomwe ndatolapo n'chakuti mwanayu ndi wolongolola m'kalasi. Mawa andiona."

Ndinawapempha kuti mwanayo asamukalipire kaye kufikira titamvetsera limodzi. Zomwe tinachita usiku umenewo ndi zomwe ndikufuna kufotokoza, chifukwa makolo ambiri tsopano akujambula misonkhano yotere, koma mawuwo amangogona mu foni mpaka tsiku lomwe adzafufutidwe kuti papezeke malo a zithunzi za ukwati.

Kumvetsera koyamba tinakuchita opanda cholembera. Mawuwo anali a mphindi 19. Kumbuyo kunkamveka ana a kalasi ina akuwerengera pamodzi, ndipo chakumapeto wina anamenya chitsulo cha nthawi yopuma. Foni inali itaikidwa pa desiki pakati pa awiriwo, choncho mawu a aphunzitsi ankamveka bwino. Ikanakhala m'chikwama kapena m'thumba la chitenje tikanangomva phokoso la nsalu. Ubwino womvetsera zonse usanalembe ndi wakuti umadziwa komwe kwagona nkhani. Aphunzitsi ambiri kwathu kuno sayamba ndi vuto. Amayamba ndi malonje, kenako kuyamikira kholo pobwera, kenako "akuyesetsa ndithu mwanayu". Ukayamba kulemba pa mphindi yoyamba, tsamba limadzaza ndi ulemu, ndipo pofika pa nkhani yeniyeni dzanja limakhala litatopa.

Pa kumvetsera kwachiwiri ndinatenga kope lakale. Aphunzitsi akanena chinthu chogwirika, ndinkaimitsa foni n'kulemba manambala a nthawi omwe akuoneka pa galasi, pamodzi ndi mawu awo momwe anawanenera. Manambalawo amathandiza kwambiri: pakabuka kusagwirizana pa zomwe zinanenedwa, umangobwerera pomwepo osayambiranso kumayambiriro. Pomaliza ndinali ndi mizere 14.

Apa m'pomwe achemwali anadzidzimuka. Za kulongolola zija zinali pa 4:10, ndipo sizinafike ngakhale theka la mphindi. Aphunzitsi anati mwanayo amakonda kutembenukira kwa mnzake pa nthawi yokopera za pa bolodi. Koma pa 15:30, achemwali atayamba kale kutsanzika, aphunzitsiwo anawonjezera motsitsa mawu kuti: "Ndaonanso kuti akamayang'ana pa bolodi amatsinzina pang'ono, mwina saona bwino patali. Mukapeza mpata mukamuonetse kuchipatala." Mfundo ziwirizi zinatalikirana ndi mphindi 11, koma zikaikidwa pamodzi pa pepala zikukamba chinthu chimodzi. Mwana yemwe sakuona bwino za pa bolodi amasuzumira m'kope la mnzake. Kholo likakhala pa msonkhano limagwira mawu omwe alibaya mtima, ena onse n'kudutsa. Si kupusa ayi, ndi mmene tilili tonse tikamva mwana wathu akudzudzulidwa.

Polemba mfundo imeneyi ndinasamala ndi liwu limodzi, "mwina". Mphunzitsi si dokotala, ndipo iwo sananene kuti mwanayo ali ndi vuto la maso. Ananena zomwe anaona ndi zomwe akuganiza. Wofupikitsa nkhani amathamangira kutaya timawu ngati "mwina", "nthawi zina" ndi "ndikuona ngati" poganiza kuti n'topanda ntchito, koma tikachoka, choganizira chimasanduka chigamulo. Ndinalemba kuti: "Aphunzitsi aona kuti amatsinzina poyang'ana pa bolodi. Akuganiza kuti mwina saona bwino patali. Apempha kuti akapimidwe maso."

Nkhani yaikulu inali ya masamu, kuyambira pa 9:05 mpaka pa 13:40. Aphunzitsi anati mwanayo amawonkhetsa bwino, koma "samabwereka pochotsera". Ndikanakopera mawuwo momwe alili, tsamba likanakhala loona koma lopanda ntchito, chifukwa achemwali anasiya kalekale za kubwereka pa masamu. Mwamwayi, m'mawu ojambulidwawo munkamveka mapepala akutembenuzidwa, aphunzitsi akunena kuti "taonani apa". Foni yojambula mawu siona. Ndinafunsa achemwali chomwe anaonetsedwa, ndipo anatulutsa kope la mwanayo m'chikwama. Pa tsambalo panali 52 kuchotsera 17, yankho la mwana lili 45, pambali pake chizindikiro cholakwa cha inki yofiira.

Yankho limenelo si longopeka. Mwanayo anaona 2 pamwamba ndi 7 pansi, nazindikira kuti 2 sangachotseko 7, ndiye anangotembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, kupeza 5. Kenako 5 kuchotsa 1, kupeza 4. Ndiye 45 ameneyo. Yankho loona ndi 35. Njira yomwe aphunzitsi anatchula pa 12:20 ndi ya timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi. Mwana ayale mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera. Auzidwe kuti achotse timitengo 7. Akaona kuti tapadera sitikukwana, amasule mtolo umodzi, timitengo tikhale 12, mitolo itsale 4. Akachotsa 7 patsala 5, akachotsa mtolo umodzi patsala mitolo 3. Kubwereka kuja ndi kumasula mtolo basi, ndipo mwana akakuchita ndi zala zake kangapo, zomwe amalemba m'kope zimayamba kukhala ndi tanthauzo.

Pali msampha wina womwe ndinauika pa tsambalo, ndipo ndinalemba pambali pake kuti mfundo iyi ndi yanga, si ya aphunzitsi. Kholo likapatsa mwana samu ngati 58 kuchotsera 23, mwanayo apeza 35, ndipo aliyense asangalala kuti zatheka. Koma samu imeneyo sifuna kubwereka, moti ngakhale mwana wotembenuza manambala amaikhoza. Samu yoyesera vutoli imafuna kuti nambala yakumanja ya pamwamba ichepe poyerekeza ndi ya pansi: 43 kuchotsera 18, kapena 61 kuchotsera 24. Akapeza 25 ndi 37, wamva. Akapeza 35 ndi 43, akutembenuzabe.

Ndiyenera kuvomera pomwe ndinalakwitsa. Pa tsamba loyamba ndinalemba kuti mwana azichita masamu mphindi 30 tsiku lililonse. Achemwali atawerenga anati, "Achimwene, ine 30 ameneyu sindinamumve." Tinabwerera pa 13:10. Aphunzitsi anangoti "pang'onopang'ono, koma tsiku ndi tsiku". Nambalayo ndinaiika ndine, chifukwa "pang'onopang'ono" sinkaoneka ngati langizo lokwanira. Umu ndi momwe wolemba amalowetsera maganizo ake m'kamwa mwa mphunzitsi osazindikira. Pomwe mawu a aphunzitsi ali osamveka bwino kapena osakwanira, wolemba asadzaze yekha mpatawo, alembe funso loti libwerere kusukulu. Tinapeza mafunso awiri: masamu angati pa tsiku, komanso tsiku lokumananso, pakuti chitsulo chija chinalira ndendende pomwe aphunzitsi ankatchula tsikulo, ndipo sitinathe kusiyanitsa ngati anati pa 13 kapena pa 30.

Zina tinazisiya dala. Aphunzitsi anatchula dzina la mwana wina yemwe amakhala naye desiki imodzi, n'kunenako pang'ono za kunyumba kwawo. Zimenezo si za pa khoma lathu. Pa chifukwa chomwecho ndinapempha achemwali kuti mawuwo asawatumize pa gulu la WhatsApp la makolo, ngakhale kwa abale. Chilolezo chomwe aphunzitsi anapereka chinali choti mayi akakumbukire kunyumba, osati choti mawu awo azizungulira m'mafoni a anthu. Mphunzitsi akangomva kamodzi kuti mawu ake afalitsidwa, msonkhano wotsatira adzangoti "ali bwino mwanayu", ndipo kunong'ona konga kwa pa 15:30 kuja sikudzamvekanso.

Chomwe chinatitengera nthawi yaitali kuposa zonse sichinali pa foni konse. Chinali funso loti ntchitoyi azigwira ndani, nanga nthawi yanji. Aphunzitsi anati "muzimuthandiza kunyumba", koma achemwali amagulitsa tomato ku msika ndipo amafika kunyumba kutada, m'nyumba mopanda magetsi. Langizo lopanda dzina la munthu ndi nthawi yake limafa pasanathe sabata. Tinagwirizana kuti mchimwene wake wa mwanayo, wa Sitandade 7, ndiye azikhala naye pa khonde akangodya nsima ya masana, ndipo amayi ake aziona kopelo m'mawa phala lili pa moto. Nkhani ya maso inagwera ine malume, popeza Lachitatu sindipita ku ntchito m'mawa.

Lolemba achemwali anapita ndi tsambalo kusukulu. Aphunzitsi analiwerenga ataimirira pa khomo la kalasi, osatha ngakhale mphindi ziwiri. Anayankha kuti masamu 5 pa tsiku ndi okwanira, ndipo tsiku lokumananso ndi pa 30. Anawonjezera ndi cholembera chawo kuti amusuntha mwanayo kukhala kutsogolo kuyambira tsiku lomwelo. Mzere umenewo ndi wofunika, chifukwa tsamba lotere lisamangonena zochita za makolo okha. Zomwe sukulu yalonjeza nazo zilembedwe kuti pa msonkhano wotsatira mbali zonse zidzakhale ndi poyambira.

Tsamba lomaliza ndinalilemba m'zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa, mawu a Chingerezi omwe aphunzitsi ankasakaniza nditawamasulira. Pamwamba penipeni ndinaika zomwe anayamikira, kuti mwanayo sajomba ndipo amawonkhetsa bwino, chifukwa naye amadziwa kuwerenga ndipo tsambalo azilidutsa tsiku lililonse. Pansi pake panabwera za timitengo, samu ya 52 ndi 17 itayalidwa yonse, dzina la mchimwene wake ndi nthawi yake. Kenako za kuchipatala Lachitatu, lonjezo la desiki yakutsogolo, ndi tsiku la pa 30. Kumunsi ndinajambula timabokosi ta masiku a sabata toti mnyamatayo azilembamo masamu omwe mlongo wake wakhoza mwa 5 aja. Za kulongolola sindinazilembe paokha. Zinalowa m'nkhani ya bolodi.

Mawu a pa foni achemwali anawasunga kufikira aphunzitsi atavomereza tsambalo, kenako anawafufuta. Tsambalo analimata ndi phala la chinangwa kuseri kwa chitseko, pamwamba pa msomali pomwe ana amakoleka zikwama zawo. Nditapitako Lachitatu m'mawa kukamutenga mwanayo kuti tipite kuchipatala, ndinapeza pa zenera pali mitolo ya timitengo ta tsache, yomangidwa ndi timizere ta mphira todulidwa ku chubu cha njinga. M'kabokosi ka Lolemba munali 2, m'ka Lachiwiri munali 3.