Kutentha kwa Okutobala Sikudutsira pa Bowo la Ozoni

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likamaswa mtengo ku Nsanje ndi ku Chikwawa mpaka kupitirira madigiri 40, sipalephera kupezeka munthu wonena kuti, "Ozoni inabooka, n'chifukwa chake tikupsa chonchi." Mawuwa amamveka ngati oona, makamaka poti bowo la ozoni limakuladi kwambiri m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Koma n'kungokumana kwa nyengo chabe. Bowolo lili kutali, pamwamba pa Antakitika, dziko la madzi oundana la kum'mwera kwenikweni, ndipo silo likutenthetsa dziko. Kuwonongeka kwa ozoni ndi nkhani ya cheza chimene chikulowa kuchokera kudzuwa. Kutentha kwa dziko ndi nkhani ya kufunda kumene kukulephera kutuluka.

Tiyambe ndi kotulukaku. Masana kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya mosavuta n'kudzafunditsa nthaka, miyala, malata ndi madzi a m'nyanja. Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsanso kufunda kwake ngati cheza chosaoneka ndi maso, chotchedwa infuraredi. Ndi chimene mumamva pamasaya mukaima pafupi ndi khoma la njerwa dzuwa litangolowa. Dziko lonse limachita chimodzimodzi usana ndi usiku, kubweza kumwamba kufunda kumene lalandira. Kukanakhala kuti cheza chonsecho chimangothawa osakumana ndi chotchinga, kutentha kwa dziko, tikaphatikiza madera onse ndi nyengo zonse, kukanakhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. M'malo mwake kuli pa madigiri pafupifupi 15. Madigiri 33 osiyanawo amabwera chifukwa cha mipweya ina imene imagwira cheza chotulukacho n'kubweza china pansi. Izi ndi zimene akatswiri amazitcha mphamvu ya girinihausi, ndipo payokha si tsoka ayi. Popanda iyo ngakhale nyanja ya Malawi ikanakhala chimwala cha madzi oundana.

Chodabwitsa n'choti mpweya wochuluka kwambiri mlengalenga suchitapo kanthu pa nkhaniyi. Nayitirojeni ndi okosijeni, zimene zimapanga magawo 99 pa 100 a mpweya wouma, zimangolola cheza chofundacho kudutsa. Ntchito yonse ikugwiridwa ndi timipweya tochepa: nthunzi ya madzi, kaboni dayokisaidi, metheni ndi nayitirasi okusaidi. Katswiri wa ku Ireland John Tyndall anayeza zimenezi mu 1859, ndipo mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kale kuti kaboni dayokisaidi akachuluka mumpweya, dziko lidzatentha. Si nkhani ya dzulodzuloli.

Mlimi aliyense wa ku Dedza kapena ku Mzimba amaidziwa mbali ina ya nkhaniyi ngakhale sanaiwerenge m'buku. Usiku wa mu Juni kukakhala kopanda mitambo, nyenyezi zili mbee, m'mawa mwake chisanu chimawaula mbewu za kudimba. Kukakhala mitambo, usikuwo umafundirako. Mitambo ndi chinyezi zimagwira kufunda kochokera m'nthaka monga bulangete limachitira. Bulangete silipanga moto, limangochedwetsa kufunda kwa thupi kuti kusathawe msanga. Vuto la masiku ano ndi loti tikuwonjezera bulangete lina pamwamba pa limene linalipo kale.

Kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi amakuyeza m'tizigawo pa miliyoni. Mafakitale asanayambe kutentha malasha ochuluka, panali tizigawo pafupifupi 280 pa tizigawo miliyoni ta mpweya. Pamene Charles Keeling ankayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, anapeza pafupifupi 315. Lero tadutsa 420. Wambiri akuchokera ku malasha, petulo, dizilo, gasi ndi kupanga simenti, ndipo wina ku nkhalango zodulidwa ndi kutenthedwa. Metheni amachokera m'mimba mwa ng'ombe, m'minda ya mpunga yodzaza madzi, kudzala ndi kumigodi. Zotsatira zake n'zoti dziko latentha ndi digiri imodzi ndi kanthu kuyerekeza ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Digiri imodzi imaoneka yochepa, koma mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri, motero mvula yamkuntho imagwa yochuluka pakanthawi kochepa, ndipo kukakhala ng'amba nthaka imauma msanga.

Ozoni ndi nkhani ina, yochitikira malo enanso. Okosijeni amene timapuma ali ndi maatomu awiri, O2, pomwe ozoni ili ndi atatu, O3. Yambiri ili kumwamba, pakati pa makilomita 15 ndi 35, kupitirira kumene mitambo ya mvula imathera. Ndi yochepa zedi. Itati isonkhanitsidwe yonse n'kutsitsidwa pansi pano, ingapange kachiyalo kokhuthala mamilimita atatu okha. Komabe kachiyalo kameneka kamameza gawo lalikulu la cheza choopsa cha dzuwa chotchedwa UV, chimene chimawaula khungu, kuyambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala m'maso, komanso kuwononga mbewu ndi tizamoyo ta m'madzi. Cheza cha UV ndi kagawo kakang'ono ka mphamvu yonse ya dzuwa, choncho ngakhale chilowe chochulukirapo sichingakweze kutentha kwa dziko mooneka. Munthu sachimvanso ngati kutentha. Akhoza kupsa nacho khungu tsiku lozizira bwino pamwamba pa Mulanje.

Chimene chinadya ozoni si utsi wa makala kapena wa galimoto. Ndi mankhwala opangidwa m'fakitale otchedwa CFC, amene kuyambira zaka za m'ma 1930 ankaikidwa m'mafiriji, kenako m'makina oziziritsa m'nyumba ndi m'zitini zopopera. Ankakondedwa chifukwa sayaka, sanunkha, sapha munthu ndipo salimbana ndi chinthu chilichonse. Ubwino womwewo ndi umene unadzakhala tsoka. Poti palibe chowaphwanya pansi pano, amayandama zaka zambiri mpaka kukafika kumene kuli ozoni. Kumeneko cheza cha UV chimawaswa, kolorini n'kumasuka. Atomu imodzi ya kolorini imalanda okosijeni mmodzi ku ozoni, kenako imamutaya n'kukagwira ozoni ina, mobwerezabwereza, mpaka kuphwanya timagulu ta ozoni masauzande ambirimbiri isanachoke. Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza za zimenezi mu 1974, ndipo mu 1985 Joe Farman ndi anzake, amene ankayeza ozoni pa siteshoni ya Halley ku Antakitika, analengeza kuti yachepa modetsa nkhawa.

N'chifukwa chiyani ku Antakitika, kumene kulibe mafiriji? Kumeneko nyengo yozizira imakhala ya mdima miyezi ingapo, ndipo kumwambako kumazizira kupitirira madigiri 78 kunsi kwa ziro. Pamapangika mitambo yopyapyala imene pamwamba pa timadontho take kolorini amasanduka wokonzeka kuukira. Dzuwa likangotulukanso cha mu Seputembala, kuphwanya kumayamba mwamphamvu, ndipo kumatha cha kumapeto kwa chaka kukafunda, mpweya wa madera ena ukalowerera. Tikati bowo sitikutanthauza chibowo chenicheni, koma dera limene ozoni yapyapyala kwambiri. Kuno kufupi ndi pakati pa dziko ozoni sinachepe kwambiri. Cheza cha UV n'champhamvu kwathu kuno kuyambira kalekale chifukwa dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo n'chifukwa chake abale athu achialubino amafunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu, bowo likhalepo kapena ayi.

Umboni woti mavuto awiriwa ndi osiyana ukuoneka pa mmene akuyendera. Mu 1987 mayiko anasaina Pangano la ku Montreal loletsa mankhwala owononga ozoni, ndipo mayiko onse a m'bungwe la United Nations analivomera. Mayiko osauka anapatsidwa mpaka 2010 kuti asiye CFC. Alimi a fodya akale akukumbukira mankhwala a mefilo buromaidi amene ankafukiza pansi pa pulasitiki m'nazale pofuna kupha tizilombo ta m'nthaka. Anachoka pamsika chifukwa cha pangano lomweli, poti buromini nayenso amadya ozoni. Lero ozoni ikuchira pang'onopang'ono. Akatswiri akuyembekezera kuti ibwerera mmene inalili mu 1980 cha m'ma 2040 m'madera ambiri, ndipo cha m'ma 2066 ku Antakitika. Koma m'zaka zomwezi kutentha kwa dziko kwakhala kukukwerabe. Bowo likanakhala gwero lake, bwenzi pano kukuzizira.

Pali malo amodzi pamene nkhani ziwirizi zimakumanadi, ndipo mwina ali m'khitchini mwanu. Suzumirani kumbuyo kwa firiji, pa kachikwangwani ka pa kompuresa kapena kamene kamamatidwa m'kati. Mupeza chilembo R ndi nambala. Ngati palembedwa R-12, firijiyo ndi yakale kwambiri ndipo gasi wake ndi CFC. Ameneyu amalakwa pawiri: amadya ozoni, komanso amagwira kufunda kuposa kaboni dayokisaidi wolemera mofanana maulendo pafupifupi 10,000. Ngati palembedwa R-134a, gasiyo alibe kolorini, ozoni saikhudza n'komwe, ndipo ndi amene analowa m'malo mwa R-12. Koma pa nkhani yotenthetsa dziko sanayere m'manja, pakuti mphamvu yake ndi maulendo pafupifupi 1,400.

Tiwerengere. Tinene kuti firiji ili ndi magalamu 100 a R-134a, ndipo wokonza wadula paipi n'kuusiya gasi kuti afwee mumpweya. Magalamu 100 kuchulukitsa ndi 1,400 ndi makilogalamu 140 a kaboni dayokisaidi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3, ndiye kuti kufwee kwa mphindi imodziko n'chimodzimodzi kutentha malita 60 a petulo. Ozoni sinakhudzidwe, koma dziko lawonjezeredwa kufunda. Akanakhala R-12, magalamu omwewo akanafanana ndi tani yathunthu, kuphatikizapo kolorini wopita kumwamba. Apa ndi pamene mankhwala ochiza vuto limodzi anakulitsa linzake, ndipo n'chifukwa chake mu 2016 mayiko anakumana ku Kigali n'kuwonjezera pa Pangano la ku Montreal kuti magasi a mtundu wa R-134a, otchedwa HFC, nawonso achepetsedwe.

Mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba amalembedwa R-600a. Gasi ameneyu sadya ozoni, ndipo magalamu 100 ake safika ndi kilogalamu imodzi yomwe ya kaboni dayokisaidi. Chilema chake n'choti amayaka, poti ndi m'bale wake wa gasi wophikira. Choncho musamakolope madzi oundana ndi mpeni m'firiji yotere, ndipo wokonza asayatse moto wowotcherera paipi gasi akadali m'kati. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wawerenga kachikwangwaniko, sasakaniza magasi a mitundu iwiri, ndipo akapeza R-12 kapena R-134a amaukokera m'silinda ndi makina ake m'malo moutayira pabwalo.