Wa ndi Idha: Timawu Tomwe Timatsegula Sura Zazifupi za Kurani

Mwana wa ku madrasa, kaya ndi ku Mangochi kaya ku Machinga, amayamba kuloweza Kurani chakumapeto, m'chigawo chotchedwa Juzu Amma. Chigawochi chili ndi sura 37, kuyambira ya 78 mpaka ya 114, ndipo zambiri ndi zazifupi. Mukamvetsera bwino ana akulakatula, muona kuti sura khumi mwa zimenezi zimayamba ndi kaliwu koti wa, ndipo zisanu zimayamba ndi idha. M'Kurani yonse, katswiri wa ku Igupto Suyuti, yemwe adamwalira mu 1505, adawerenga sura 15 zotsegulidwa ndi lumbiro ndi 7 zotsegulidwa ndi idha.

Timawu tiwiriti ntchito yake ndi imodzi: kumuimika womvera kuti adikire. Tonse timatsegula chiganizo chomwe sichitha mpaka patabwera chimene aphunzitsi a galamala ya Chiarabu amachitcha jawabu, ndiko kuti yankho. Amene sadalipeze yankholo, sura waiwerenga koma sadaimve.

Tiyambe ndi wa. Pa Chiarabu cha tsiku ndi tsiku, wa ndi "ndi" wathu yemweyu, wolumikiza zinthu ziwiri. Koma kumayambiriro kwa sura kulibe chinthu cham'mbuyo choti chilumikizidwe. Apa wa ndi wolumbirira, yemwe timamumva munthu akati wallahi pamsika, monga m'Chichewa wina amati "pali Mulungu". Chizindikiro chake chili kumapeto kwa dzina lotsatira. Dzina la Chiarabu likakhala mwininkhani limathera ndi u, koma likatsatira wa wolumbirira limathera ndi i, kamzere kolembedwa pansi pa chilembo kotchedwa kasira. Nchifukwa chake Allahu amasanduka wallahi. Wowerenga akaika u pamalo pa i ameneyu, lumbiro lafa, chatsala ndi dzina longotchulidwa.

Pali timawu tina tiwiri tolumbirira, bi ndi ta. Ta amagwira pafupifupi pa dzina la Allah lokha. Bi ndiye yekha amalola kuti mneni woti "ndikulumbira" aonekere poyera, monga zilili kumayambiriro kwa Sura ya Baladi, ya 90. Wa salola mneniyo, ndipo nchifukwa chake amamveka mwadzidzidzi chotere.

Taonani Sura ya Shamsi, ya 91. Ndime zisanu ndi ziwiri zoyambirira zonse zimayamba ndi wa: dzuwa, mwezi, usana, usiku, thambo, nthaka, kenaka mzimu wa munthu. Akatswiri ambiri amati wa woyamba yekha ndiye wolumbirira, enawo akungolumikiza, ndipo maina onse atengera i kwa woyambayo. Ndime yachisanu ndi chitatu ikupitiriza za mzimu uja. Mpaka pamenepa womvera sadauzidwe chomwe akulumbirira. Malinga ndi omasulira ambiri, yankho likufika pa ndime 9, ndipo nkhani yake ndi ya kupambana kwa woyeretsa mzimu wake. Zakumwamba zonse zija zadzera mfundo ya mumtima mwa munthu.

Nanga yankho mungalidziwe bwanji? Kawirikawiri limabwera ndi kamawu kotsimikiza kapena kokana. M'Sura ya Shamsi kamawuko ndi kadi, kosonyeza kuti chinthu chachitikadi. M'Sura ya Asri, ya ndime zitatu zokha, lumbiro ndi limodzi, la nthawi, ndipo ndime yachiwiri ikuyamba ndi inna, "ndithudi". M'Sura ya Duha yankho lili pa ndime 3 ndipo ndi lokana, loyamba ndi maa: Mneneri akuuzidwa kuti Mbuye wake sadamutaye. Koma lamuloli siligwira paliponse. M'Sura ya Fajri omasulira amasiyana: ena amati yankho lili kutali, pa ndime 14, ena amati silidatchulidwe nkomwe, womvera alipeze yekha m'nkhani za mitundu yoonongedwa zomwe zikutsatira.

Idha ndiye amavuta kwambiri kwa ife olankhula Chichewa, ndipo vuto lili m'chilankhulo chathu chomwe. Timati "dzuwa likatuluka tinyamuka", timatinso "ukadwala undiuze". Kachidutswa koti -ka- kagwira ponse pawiri, chonsecho kutuluka kwa dzuwa nkosakayikitsa pomwe kudwala kungachitike kapena ayi. Chiarabu chimasiyanitsa. Pa chinthu chokayikitsa chimagwiritsa ntchito in, wofanana ndi "ngati". Pa chinthu chomwe wolankhula akutsimikiza kuti chichitika chimagwiritsa ntchito idha. Choncho womasulira akalemba "ngati" kumayambiriro kwa sura yonena za Tsiku la Kiyama, walowetsamo chikayiko chomwe m'Chiarabu mulibe. Kuli bwino kunena kuti "pamene".

Chodabwitsa china nchakuti mneni wotsatira idha kawirikawiri amakhala m'kalembedwe ka nthawi yakale, koma tanthauzo lake ndi la m'tsogolo. Wophunzira watsopano amaona mneni wakale nkuganiza kuti akuuzidwa mbiri. Ayi, idha wamutembenuza mneniyo, ndipo akatswiri a kalankhulidwe amati zam'tsogolo zanenedwa ngati zachitika kale pofuna kuonetsa kuti sizingalephereke.

Sura ya Takwiri, ya 81, ndiyo imaonetsa bwino mphamvu yake. M'ndime 13 zoyambirira idha akubwera kakhumi ndi kawiri. Nkhani ikuyambira pa dzuwa, nyenyezi ndi mapiri, nkutsikira pa ngamila zabere zosiyidwa popanda wozisamala, zomwe kwa Mwarabu wa ku Maka zidali chuma chosataya. Ikufika pa mwana wamkazi wokwiriridwa wamoyo, ndipo ndime 9, yokhayo yopanda idha, ndi funso la mlandu wa mwanayo. Kenaka mndandanda ukuyambiranso, mpaka Moto ndi Munda wamtendere. Ndime zonsezi ndi theka chabe la chiganizo chimodzi. Theka linalo ndi ndime 14, yaifupi, yonena kuti munthu adzadziwa zomwe wabwera nazo. Ine ndimaona kuti wowerenga amene amatsitsa mawu pa ndime iliyonse ngati wamaliza, nkuthamangira ndime 14 ngati ina iliyonse, waibera surayi mphamvu yake.

Sura ya Infitari, yotsatira, yamangidwa chimodzimodzi koma mwachidule: idha kanayi, yankho pa ndime 5. Ya Nasri, ya 110, ndi yosiyana pang'ono. Idha wake sakunena za Kiyama koma za chithandizo cha Allah ndi kupambana, ndipo yankho lake ndi lamulo loti Mneneri atamande ndi kupempha chikhululuko. Yankho likakhala lamulo, Chiarabu chimafuna kuti liyambe ndi fa, ndipo fa ameneyu mumupeza kumayambiriro kwa ndime 3.

Pali msampha umodzi. Idha amapezekanso m'kati mwa malumbiro, monga m'Sura za Shamsi, Laili ndi Duha. Pamenepo sadikira yankho lakelake. Akungotchula nthawi yomwe chinthu cholumbiriracho chili, monga usiku pa nthawi imene waphimba zonse. Yankho lomwe mukulisaka ndi la wa uja.

Mukatsegula Juzu Amma, yang'anani liwu loyamba la sura. Ngati ndi wa, tsikani ndi chala mpaka mupeze inna, kadi kapena maa. Ngati ndi idha, tsikani mpaka pomwe zochitika za nthawiyo zathera ndipo chotsatira chake chayamba kunenedwa. Pa Sura za Fajri ndi Inshikaki, pomwe akatswiri eni ake amasiyana, afunseni ashehe kuti akuuzeni maganizo onse.