Voisi inapita, koma kaundula akuti munajomba

Minibasi yaphulika tayala pa Njuli, ndipo mukuona kuti mufika ku ntchito dzuwa litakwera. Apa voisi ya pa WhatsApp ndi yokwanira. "Bwana, pepani, galimoto yatifera panjira, ndifika cha m'ma 10." Mawu akunjenjemera, kondakitala akumveka akukalipa kumbuyo, ndipo abwana akhulupirira msanga kuposa mukadalemba. Nkhaniyo itha lero lomwe, siikhudza malipiro.

Tiyerekeze tsopano mlonda amene wadzuka ndi malungo Lolemba. Watumiza voisi kwa a kapitawo, iwo ayankha ndi voisi yawo kuti, "Chabwino achimwene, kapezeni bwino." Wabwerera ku ntchito Lachisanu. Mwezi utatha, wapeza kuti amudula masiku anayi. Wowerengera malipiro sanamve voisi ija. Iye amayang'ana kaundula, ndipo m'kaundula mwalembedwa kuti anajomba. A kapitawo nawo akuti ankayesa ndi tsiku limodzi, pakuti mlondayo anangoti "sindikupeza bwino", osatchula tsiku lobwerera.

Voisi imalephera pamenepa. Munthu polankhula amazungulira, amapepesa, deti n'kuiwala. Komanso simungaifufuze ndi liwu ngati uthenga wolemba. Mumachita kutsegula imodziimodzi. Foni ikabedwa musanasunge mauthenga kwina, kapena ngati macheza anatcheredwa kuti azifufutika pakatha maola 24, masiku 7 kapena 90, umboni wapita.

Lamulo nalo limafuna pepala. Malinga ndi Employment Act ya 2000, amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda chosachepera masabata anayi pa malipiro onse ndi asanu ndi atatu pa theka, chaka chilichonse, koma asonyeze chikalata cha dokotala wovomerezeka. Lamulo lomwelo limalola kuchotsa munthu amene wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Nkhani ikafika ku ofesi ya leba, adzafunsa kuti munadziwitsa ndani, liti.

Ine ndimati kusowa kukangodumpha tsiku limodzi, kapena kukakhudza ndalama, lembani. Tumizani voisi m'mamawa, ulemu umafuna choncho, makamaka pa maliro pamene mawu olemba amaoneka ouma. Kenako tsatizani mizere itatu: "Monga ndinanenera, ndadwala malungo. Sindibwera kuyambira Lolemba pa 3 mpaka Lachinayi pa 6. Chikalata cha kuchipatala ndibwera nacho Lachisanu." Pemphani kuti akuyankheni polemba, ngakhale liwu limodzi loti "Ndamva". Timizere tiwiri tabuluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, osati kuti mwaloledwa.

Chikalatacho chijambuleni musanachipereke. Ndipo musasiye buku lanu lonse la kuchipatala pa tebulo la abwana. Muli matenda ena akale amene sakuwakhudza.