Tayala la kaunjika: musanalipire, suzumirani m'kati

Munthu akafika pamulu wa matayala a kaunjika, choyamba chimene amachita ndi kupisa chala m'mizere ya pamwamba. Mizere ikakhala yakuya, mtima umakhala pansi ndipo kunenerera mtengo kumayamba. Wogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake matayala ake amakhala otsukidwa, ena opakidwa polishi mpaka kunyezimira. Koma zimene zimaphulitsa tayala galimoto ili paliwiro kawirikawiri sizikhala m'mizeremo. Zimabisala m'kati, m'mbali ndiponso m'zaka zake.

Zaka n'zosavuta kudziwa, chifukwa tayala limanena lokha. M'mbali mwake muli zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala lolembedwa 4114 linapangidwa m'sabata ya 41 ya 2014, kutanthauza kuti linakwanitsa zaka khumi mu Okutobala 2024. Makampani ambiri opanga matayala amati lofika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino, ndipo ena opanga galimoto amati zisanu ndi chimodzi zakwana. Labala amauma ndi kukalamba ngakhale tayala lingokhala m'nyumba, ndipo dzuwa ndi kutentha zimafulumizitsa zimenezi. Manambalawa nthawi zambiri amalembedwa mbali imodzi yokha, choncho mukawasowa tembenuzani tayalalo. Akakhala atatu okha, ndi la zaka za m'ma 1990 kapena m'mbuyo mwake. Pakaoneka popalidwa, lisiyeni.

Tsono pemphani kuti muone m'kati. Ngati tayala lili kale pa limu, auzeni alichotse, ndipo wogulitsa amene akuzemba ndi mawu akuti "achimwene, ili ndi labwinobwino, langotsika kumene" wakupatsani kale yankho. Walitsani tochi ya foni, kenako yendetsani dzanja pang'onopang'ono kuzungulira monse. M'kati mwa tayala lamoyo mumakhala mosalala. Mukapeza fumbi lakuda kapena tizidutswa ta labala, kapena mzere wa makwinya wozungulira m'mbali, dziwani kuti mwini wake anayenda nalo litaphwa. Limu inkalitafuna, ndipo ulusi wolimbitsa mbali unatenthedwa n'kufooka. Kunja tayala lotere limatha kuoneka lopanda banga, ndipo likapopedwa limasunga mpweya bwinobwino, mpaka tsiku limene mwasenza katundu masana otentha.

M'katimo ndi mmenenso zigamba zimaonekera. Chigamba pachokha si mlandu. Bowo la msumali losapitirira mamilimita 6, limene lili pakati pa mbali yoponda pansi, limakonzeka ngati atseka bowolo n'kumata chigamba cha m'kati. Chokayikitsa ndi kachingwe kongolasa kuchokera kunja tayala lisanachotsedwe pa limu, chifukwa womatayo sanaone zimene msumali unawononga, ndipo madzi amatha kulowa n'kuchititsa dzimbiri mawaya. Chigamba cha m'mbali kapena cha paphewa ndiye ayi ndithu. Mbali imapindika nthawi iliyonse tayala likazungulira, ndipo palibe chomatira chimene chingabwezeretse ulusi woduka. Zigamba ziwiri zogundana nazonso n'zokana.

Chotupa cha m'mbali, chija chimabwera mukamenya dzenje, chimavuta kuona tayala lili lopanda mpweya. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana kuti ndalama ituluka akalilowetsa pa limu n'kulipopa. Likakhuta mpweya, papasani mbali zonse ziwiri, ndipo wazani madzi a sopo m'mphepete mwa limu, poti zitsulo zochotsera matayala zimang'amba mlomo wake. Ming'alu yaing'ono yambirimbiri m'mbali ndi pansi pa mizere ndi chizindikiro cha labala wouma.

Mizere nayo imanama. Alipo amene amaikumba ndi chitsulo chamoto kuti tayala lotha lioneke latsopano. Zimenezi zimaloledwa pa matayala ena a malole okha, olembedwa REGROOVABLE. Pa tayala la galimoto yaing'ono labala wotsala ndi wochepa, moti mpeni umafika pafupi ndi mawaya. Mudzazindikira poona mizere yokhotakhota yosafanana kuya, komanso kusowa kwa timizati ta labala timene timakhala m'kati mwa mizere kusonyeza malire a mamilimita 1.6.

Malire amenewo amathandizanso pa mtengo. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi mizere yakuya pafupifupi mamilimita 8, ndiye oti muyendere ndi 6.4. La kaunjika lotsala ndi mamilimita 4 lili ndi 2.4 okha, kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Wogulitsa akatchula theka la mtengo wa latsopano, pa milimita iliyonse mukulipira zambiri kuposa amene wagula m'sitolo.