Tchanelo ya WhatsApp: mwini wake amadziwa chiyani za inu?

Aliyense amene analowapo m'gulupu ya WhatsApp ya anthu osadziwana akudziwa mtengo wake. Mukangolowa, nambala yanu ili pambalambanda. Gulupu imodzi imatha kunyamula anthu 1,024, ndipo aliyense wa iwowa akhoza kutsegula mndandanda, kutapa nambala yanu n'kukupezani kumbali. Atsikana ndiye amazidziwa bwino: usiku pakati, "moni mami, ndakuonani m'gulupu ija." Ena amene amatola manambalawa ndi akamberembere aja otumiza mauthenga abodza ofuna ndalama.

Ichi n'chifukwa chake ndinayamba kuchita chidwi ndi matchanelo, omwe WhatsApp inawafikitsa m'maiko oposa 150 mu Seputembala 2023. Tchanelo ili ngati wailesi: mwini wake amalankhula, otsatira amamvera. Simungalembemo kapena kuyankha ngati m'gulupu. Mungathe kungoika kaemoji pa uthenga, kuvota ngati mwini wafunsa funso losankha, kapena kutumiza uthengawo kwa mnzanu.

Kutsatira n'kosavuta. Matchanelo sakhala pamodzi ndi macheza anu, amakhala pa Updates, pomwe pamakhalanso masitetasi. Mumafufuza dzina, kapena kudina linki imene wina wakupatsani, kenako Follow. Mukhozanso kuwerenga zimene zilimo musanatsatire n'komwe. Mukangotsatira, foni siyamba kulira yokha ayi. Belu limakhala lotseka mpaka inuyo mutalitsegula. Mukatopa nayo mumadina Unfollow, ndipo sipatuluka uthenga wolengeza kuti uje wachoka, monga aadimini amauonera m'gulupu.

Mchemwali wanga amagulitsa kaunjika wa ana, ndipo nkhani yake ikuonetsa bwino mmene zimayendera. Anali ndi gulupu ya makasitomala komwe ankaika zithunzi akatsegula belo. Azimayi anayamba kutulukamo mmodzimmodzi. Atamufunsa mmodzi, anamuyankha kuti, "Asisi, zovala zanu ndimazikonda, koma kuli bambo wina m'gulupumo akundivutitsa, ndipo amuna anga ayamba kufunsa." Bamboyo sanagulepo ngakhale sokosi. Analowa kudzasaka manambala basi.

Tinakhala pansi n'kutsegula tchanelo pafoni yake ya Android. Pa Updates tinadina timadontho titatu tapamwamba, n'kusankha Create channel. Tinalemba dzina la bizinesi, mawu ochepa ofotokoza zimene amagulitsa ndi tsiku limene amatsegula belo, n'kuika chithunzi. Tchanelo itabadwa, WhatsApp inatipatsa linki yake, yomwe anaiika m'gulupu yakale ija ndi pa sitetasi. Patatha sabata gulupuyo anaitseka.

Funso lalikulu ndi ili: iyeyo monga mwini, akuona chiyani za omutsatira? Tinatsegula tsamba la tchanelo kuti tione. Chiwerengero cha otsatira chinalipo. Koma anthu amene anatha kuwazindikira ndi nambala zawo anali okhawo amene anawasunga kale m'foni mwake, monga ineyo, mlamu wathu ndi makasitomala ochepa akale. Enawo nambala zawo sizinaoneke. Otsatirawo nawonso saonana: simudziwa kuti mnansi wanu ali momwemo, iyenso sadziwa za inu. Ngakhale anzanu a m'foni sauzidwa matchanelo amene mwatsatira. Maemoji otsatira amangowaona ngati chiwerengero, kuti timitima tilipo tingati, osati kuti waika ndani. Chinsinsichi chimapita mbali zonse ziwiri, pakuti otsatira saona nambala ya mwini. Amangoona dzina ndi chithunzi cha tchanelo.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Chinsinsi chanu kwa mwini chimadalira ngati ali ndi nambala yanu kale kapena ayi. Ngati amene watsegula tchanelo ndi bwana wanu, amalume anu kapena chibwenzi chakale chomwe sichinafufute nambala yanu, musadzinamize kuti mwabisala. Mukadina Follow akhoza kukuonani. Ngati mukungofuna kusuzumira, werengani osatsatira. Chithunzi chanu nachonso chimatsatira mmene munatchera foni yanu, ndiye pitani ku Settings, kenako Privacy, kenako Profile photo, musankhe My contacts kuti nkhope yanu isamaonedwe ndi aliyense.

Khomo lachiwiri lotulukira chinsinsi timalitsegula tokha. Popeza otsatira sangalembe m'tchanelo, mchemwali wanga anafunika njira yolandirira maoda. Akalemba nambala yake pansi pa chithunzi, nambalayo yapita kudziko, chifukwa tchanelo ndi ya poyera ndipo aliyense amene ali ndi linki akhoza kuiona. Anasankha kugula simukhadi ina ya bizinesi yokhayokha, yake yakunyumba n'kuisiya pambali. Kasitomala nayenso akamulembera pa nambala ija kufunsa mtengo wa diresi, nambala yake imaonekera, pakuti awo tsopano ndi macheza wamba, si tchanelonso. Kusiyana kwake n'koti amene waiona ndi wogulitsa yekha, osati khamu lonse, ndipo kasitomalayo wachita kusankha yekha.

Izi zikutipatsanso njira yozindikirira tchanelo yachinyengo. Popeza mwini sapatsidwa nambala zanu, wakuba amayenera kukunyengererani kuti mumupatse nokha. Mukaona uthenga wakuti mwawina mphoto, dinani apa, lembani nambala yanu, kapena tumizani kandalama kolembetsera ntchito, dziwani kuti nyambo yaponyedwa. Dzina ndi chithunzi cha bungwe aliyense akhoza kuzikopera, ndiye funani linki kuchokera kwa eni akewo, ndipo yachinyengoyo muidinire Report.

Kwa amene mukufuna kutsegula yanu, pali malire awiri oyenera kuwadziwa. Loyamba, mauthenga a m'tchanelo alibe loko uja amene amateteza macheza a anthu awiri kuti wina aliyense asawawerenge. Chobisika ndi anthu otsatira, osati zolembedwazo. Nkhani za m'banja, matenda a wachibale kapena zithunzi za ana anu si zoika kumeneko. Mchemwali wanga ankaveka mwana wake zovala n'kumujambula. Pano amangoziyala pa mphasa. Lachiwiri, WhatsApp imasunga mauthengawa kwa masiku 30 okha, choncho amene wabwera lero sapeza zimene munalemba miyezi iwiri yapitayo. Zinthu zokhalitsa, monga malo amene mumapezeka ndi masiku ogulitsa, ziikeni m'mawu ofotokoza tchanelo aja.

Kodi ndiye gulupu yatha ntchito? Ayi ndithu. Banki m'khonde, komiti ya ukwati ndi kwaya zimafuna kukambirana, ndipo anthu ake amadziwana kale. Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi mafunso awiri. Kodi anthuwa akufunika kuyankhana? Kodi akudziwana? Ngati mayankho onse ndi ayi, monga makasitomala, omvera nyimbo zanu kapena ofuna kudziwa mitengo ya mbewu, kuwaunjika m'gulupu n'kugawa manambala awo kwa alendo popanda chifukwa. Atsegulireni tchanelo. Ndipo inu amene mukufuna kutsatira, musanadine Follow dzifunseni chinthu chimodzi: kodi mwini wakeyu nambala yanga ali nayo?