Kudaya tsitsi muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa: choopsa chili pati?

Funso ili silifunsidwa pagulu. Pa maphunziro a m'mawa ku sikelo, amayi amafunsa za zakudya, za neti, za mapiritsi owonjezera magazi. Koma mukalowa m'kachipinda kopimira, chitseko chikatsekedwa, mayi amavula duku n'kunena chapansipansi kuti, "Anamwino, ndinadaya tsitsi ndisanadziwe kuti ndili ndi pakati. Kodi mwana ndamupweteka?"

Ngati funsoli ndi lanunso, yankho lalifupi ndi lakuti ayi, n'zokayikitsa kwambiri kuti mwamupweteka. Dayi amapakidwa pa tsitsi, ndipo tsitsi lomwe latuluka kale pamutu lilibe mitsempha ya magazi yoti n'kutengera kanthu m'thupi. Njira yomwe mankhwala angalowere ndi khungu la kumutu, ndipo khungu lopanda bala limalowetsa pang'ono chabe pa mphindi zomwe dayi amakhala pamutu. Kochepa komwe kalowako thupi limakasefa n'kukatulutsa m'mkodzo. Kafukufuku pa amayi oyembekezera si wochuluka, chifukwa palibe angayesere dala mankhwala pa mayi wapakati, koma yemwe alipo sanaonetse kuti kudaya tsitsi mwa apo ndi apo kumalumalitsa mwana kapena kuchititsa kupita padera. N'chifukwa chake a zaumoyo a boma ku Britain, komanso bungwe la madokotala a amayi ku America, amati kudaya tsitsi sikuoneka koopsa kwa mwana wa m'mimba.

Nanga bwanji timakuuzani kuti mudikire mpaka masabata 12 oyamba atatha? Miyezi itatu yoyambirira ndi yomwe mtima, ubongo, msana, manja ndi miyendo ya mwana zimapangika. Pa nthawi imeneyi timapewa mankhwala alionse omwe si ofunikira, ngakhale omwe sanapezeke ndi mlandu. Kudikiraku n'kusamala chabe, sikuti dayi anagwidwa akuwononga. Ndiponso miyezi imeneyi ndi ya nseru, ndipo fungo la amoniya lomwe limatuluka mu dayi likhoza kukusanzitsani musanamalize n'komwe kupaka.

Zaka zomwe ndagwira ntchito ya uzamba sindinalandirepo mwana yemwe ndinganene kuti vuto lake linachokera ku dayi. Amene ndawaona atavulala ndi amayi eni ake, ndipo nkhani ya mmodzi wa iwo ndimaifotokoza kwa ophunzira anga chaka chilichonse.

Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mimba yake yachitatu, ndipo imvi zinali zitayamba m'mbali mwa mphumi. Loweruka kunali ukwati wa mng'ono wake. Lachinayi anapita ku saluni, anamuika mankhwala owongola tsitsi, aja timati kuwotcha tsitsi. Atatsuka, tsiku lomwelo, anamupaka dayi wakuda wa m'kapaketi kopanda malangizo, ndipo anamusiya nthawi yaitali kuti imvi zide bwino. Lachisanu mutu unayamba kuyabwa. Loweruka m'mawa zikope zinatupa mpaka maso anatsala pang'ono kutsekeka, kuseri kwa makutu kukutuluka timadzi, m'mphepete mwa tsitsi muli matuza. M'malo mopita ku tchalitchi anabwera kwa ife.

Zolakwika zinali zitatu, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake.

Choyamba ndi kuwotcha ndi kudaya tsiku limodzi. Mankhwala owongola tsitsi ndi aukali kwambiri. Ambiri amakhala ndi soda wa kositiki, yemwe amapangiranso sopo, kapena mankhwala ena a mtundu womwewo. Amasiya khungu la kumutu lili lanthete, nthawi zina ndi tizilonda tomwe simungatione koma mumatimva kuwawa madzi akafika. Ndanena kuti khungu lopanda bala limalowetsa dayi wochepa. Khungu lopsa silitchinganso chimodzimodzi. Pakati pa kuwotcha ndi kudaya pazidutsa masabata awiri, ndipo ngati pamutu pali bala, nkhanambo kapena chipere, dayi adikire mpaka pachire. Musakandenso mutu kapena kuupesa mwamphamvu tsiku lodaya.

Chachiwiri ndi dayi yemwe anagwiritsa ntchito. Dayi wokhalitsa wakuda kapena woderapo nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa parafenilinidayamini, omwe amafupikitsidwa ndi zilembo zitatu, PPD. Ndi omwe amachititsa kuti mtundu ugwire osasuluka, ndipo dayi akakhala wakuda kwambiri, nawonso amachuluka. Matupi a anthu ena amadana nawo. Chosokoneza n'chakuti kudanaku sikuonekera pomwepo. Kawirikawiri kumabwera patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, ndiye munthu amakayikira sopo, mafuta kapena chakudya. Ndipo mukhoza kudaya zaka zambiri popanda vuto, kenako thupi n'kudzakana tsiku lina. Mayi uja anali atadayapo kangapo m'mbuyomo. Dayi wogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, kapena ngati timiyala takuda tosungunula m'madzi, simungadziwe kuchuluka kwa PPD yemwe alimo. Chenjeraninso ndi chomwe amachitcha hena wakuda. Hena weniweni ndi ufa wa masamba, wobiriwirako, amatenga maola kuti agwire, ndipo amapereka mtundu wofiirira basi. Hena wodetsa tsitsi bii m'kanthawi kochepa nthawi zambiri amakhala atathiridwa PPD.

Chachitatu ndi kusayesa kaye, komanso kupitirira nthawi. Dayi wa m'bokosi amabwera ndi kapepala kofotokoza mayesedwe ake, ndipo muzitsatira kameneko. Ambiri amati mupake kadontho kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono, n'kudikira maola 48, ndiye kuti masiku awiri athunthu. Pakafiira, pakayabwa, pakatupa kapena pakatuluka nsungu, dayi ameneyo si wanu, ndipo musangosintha dzina la dayi chifukwa mwinamonso mukhoza kukhala PPD yemweyo. Yesani ulendo uliwonse, ngakhale bokosi ndi lomwe lija la nthawi zonse, popeza khungu la mayi woyembekezera limasintha. Ukwati ukakhala Loweruka, kuyesa kuchitike Lolemba, osati Lachinayi. Nthawi yolembedwa pa bokosi, kawirikawiri pafupifupi theka la ola, ikakwana, tsukani ndi madzi ambiri mpaka atuluke oyera. Kuwonjezera nthawi sikudetsa imvi kuposa pamenepo, kumangopatsa mankhwala mpata wokhala pakhungu.

Koma chomwe ndimafuna ophunzira anga agwire pa nkhaniyi ndi china. Mayi uja atalowa, sitinayambire kumutu. Tinayamba ndi kumuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kupima mkodzo. Mayi wa pakati popitirira masabata 20 akatupa nkhope, chinthu choyamba kuchiganizira ndi matenda a kuthamanga kwa magazi a amayi oyembekezera, omwe amatha kufika pokomoka ndi kupha mayi ndi mwana yemwe. Kwa iye zonse zinali bwino, mtima wa mwana ukugunda bwinobwino, ndipo matuza m'mphepete mwa tsitsi anatilozera ku dayi. Adokotala anamupatsa mankhwala oletsa kutupa ndi kuyabwa oyenera mayi wapakati, ndipo patatha pafupifupi sabata nkhope inaphwa. Anadzabereka pa nthawi yake mwana wathanzi. Zithunzi za ukwati ndiye salimo.

Chomwe chimandiopsa ndi mayi yemwe angadaye Lachinayi, n'kutupa nkhope Loweruka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, iye n'kukhala kunyumba akuti ndi dayi, ziphwa zokha. Musadziweruze nokha. Kutupa kwa dayi kumabwera ndi kuyabwa ndi zotuluka pomwe dayi anakhudza. Kutupa kwa kuthamanga kwa magazi sikuyabwa, kumagwiranso manja mpaka mphete kuthina, ndipo kumatha kubwera ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kupweteka pansi pa nthiti. Kulikonse kwa kuwiriku, bwerani tsiku lomwelo, mutatenga buku lanu la kuchipatala ndi bokosi la dayi. Milomo, lilime kapena khosi zikayamba kutupa, kapena mukamabanika, tsukani dayi msanga ndipo thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Njira yochepetsera zonsezi ndi yakuti dayi asakhudze khungu. Ngati mukufuna mtundu wowala, uzani wa ku saluni adaye timizere ta tsitsi kapena kunsonga kokha, osafika m'munsi. Kuluka ndi meshi wa mtundu womwe mukufuna, kapena kuvala wigi, kumakupatsani mtundu popanda mankhwala n'komwe. Imvi ndiye zimavuta, chifukwa zimaonekera m'munsi momwemo. Pamenepo dayani malo a imvi okha, osati mutu wonse, pakani Vaselini m'mphepete mwa mphumi, m'makutu ndi kunkhongo, ndipo talikitsani nthawi pakati pa kudaya kwina ndi kwina. Sakanizirani pakhonde kapena pafupi ndi zenera lotsegula, mutavala magolovesi. Nsidze musazidaye ndi dayi wa tsitsi, akhoza kuwononga maso.

Inu amene mumagwira ntchito mu saluni, nkhani yanu ndi yosiyana. Kasitomala amakumana ndi dayi kamodzi pa miyezi iwiri, inu mumasakaniza tsiku ndi tsiku, m'kachipinda kamene nthawi zambiri kalibe zenera. Sikuti musiye ntchito, koma magolovesi akhale m'manja posakaniza, popaka ndi potsuka pomwe, muwataye mukamaliza m'malo mowatembenuza, chitseko chikhale chotsegula, ndipo musadyere nsima pa tebulo losakanizira. Ku sikelo tiuzeni ntchito yomwe mumagwira.

Pa kuyamwitsa nkhawa ndi yocheperanso. Dayi wolowa m'magazi ndi wochepa kale, ndiye woti n'kufika mu mkaka ndi wocheperatu. Musasiye kuyamwitsa, musadumphitse nthawi, ndipo musafinye mkaka n'kutaya chifukwa choti mwadaya. Yamwitsani musanayambe, perekani mwana kwa wina akhale naye kunja, musamubereke kumsana dayi ali kumutu poti akhoza kudonthera pa iye, ndipo sambani m'manja ndi kusintha malaya musanamunyamule. Dayi wotsala mutaye m'chimbudzi chokumba, musamusunge m'kapu kapena m'botolo la chakumwa. PPD akamwedwa ndi poizoni woopsa, amatupitsa khosi ndi kuwononga impso, ndipo mwana wokwawa sasankha choika m'kamwa.

Pakatha miyezi iwiri mpaka inayi chiberekereni, mudzaona tsitsi likuthothoka, likudzaza chipeso. Ambiri amaloza dayi, ena amaloza kuyamwitsa. Ndi tsitsi lomwe linaleka kugwa pa nthawi ya pakati ndipo tsopano likugwa pamodzi, ndipo kwa ambiri limabwerera mwana akamakwanitsa chaka. Pa miyezi imeneyo tsitsi la m'mbali limakhala lofooka, choncho ngati mwadaya, musaonjezerepo kuwotcha kapena kuluka kokoka kwambiri.