Mmene penisilini amaphulitsira bakiteriya osakhudza maselo a munthu

M'chaka cha 1956, wasayansi wa ku America Joshua Lederberg anathira penisilini m'madzi omwe ankaweteramo mabakiteriya a E. coli. Nthawi zonse mabakiteriyawa akakumana ndi mankhwalawa amafa. Koma ulendo uno iye anathiramonso shuga wambiri ndi mchere wa maginiziyamu, ndipo sanafe. M'malo mwake anasintha maonekedwe: aja amaoneka ngati tindodo anasanduka timipira tofewa. Atawasungunulira m'madzi wamba, timipirato tinaphulika.

Zimenezi zinaonetsa chinthu chimene Alexander Fleming sankachidziwa pamene anaona chuku chikupha mabakiteriya m'mbale yake ku London mu 1928. Penisilini si poizoni wowononga zam'kati mwa bakiteriya. Amangomulanda khoma, ndipo madzi ndi amene amamaliza ntchito.

Nkhani yake ili chonchi. M'kati mwa bakiteriya muli mchere, shuga ndi zinthu zina zambiri kuposa m'madzi omuzungulira, choncho madzi amalowa okha n'kumakankha kuchokera m'kati. Mwa mabakiteriya ena, mphamvu yokankhayi imaposa kangapo mphweya wa m'tayala la galimoto. Kachikopa kopyapyala kokuta seloyo sikangapirire kokha. Kali ngati chubu cha njinga: chopanda tayala, mukachipopa kwambiri chimatupa mbali imodzi kenako n'kuphulika. Tayala la bakiteriya ndi khoma lotchedwa peputidogilaikani, lopangidwa ndi zingwe zitalizitali za shuga zomwe zalumikizidwa cham'mbali ndi timfundo ta maamino asidi. Popanda timfundoto zingwezo zimangotayana. Shuga wa Lederberg anangoletsa madzi kulowa mwamphamvu, n'chifukwa chake mabakiteriya opanda khoma aja anakhalabe ndi moyo.

Bakiteriya akamakula ayenera kukulitsa khoma lake. Maenzaimu ena amadula khoma lakale kuti pakhale malo, ena amamanga mfundo pa zingwe zatsopano. Penisilini amalimbana ndi omanga mfundowa. Mu 1965, Donald Tipper ndi Jack Strominger anafotokoza kuti kapangidwe ka penisilini kamafanana ndi nsonga imene enzaimu imagwira pomanga mfundo, yomwe ndi maamino asidi awiri otchedwa D-alanini. Enzaimu imagwira penisilini ngati kuti ndi nsonga ija. Pamenepo kamphete ka maatomu anayi kamene kali mu penisilini kamatseguka n'kumatirira pa enzaimuyo, ndipo ntchito yake imathera pomwepo. Odula aja sasiya kudula. Khoma limafooka, kachikopa kamatupira panja, bakiteriya n'kuphulika.

Amokisisilini amene amaperekedwa kwa mwana wodwala chibayo, jakisoni wa benzatini penisilini wochiza chindoko komanso sefitirayakisoni wa m'chipatala, onse amagwira ntchito mwanjira yomweyi. Ndipo onse amapha bwino bakiteriya amene akukula. Wongokhala phee, wosamanga khoma, samukhudza kwenikweni.

Nanga munthu amapulumuka bwanji? Maselo athu alibe khoma ngakhale pang'ono. Alibe peputidogilaikani, alibenso enzaimu yomanga mfundo zija, kotero penisilini amasowa pogwira. Safunikanso khomalo, poti thupi limasunga madzi ozungulira maselo ali ndi mchere wolingana ndi wam'kati mwake. Ichi n'chifukwa chake diripi ya mchere imakhala ya 0.9 peresenti: madzi opanda mchere atalowa ambiri mumtsempha, maselo ofiira a magazi angatupe n'kuphulika ngati timipira ta Lederberg.

Mfundo yomweyi imasonyezanso pamene mankhwalawa amalephera. Mavairasi a chimfine alibe khoma lotere, ndiye kumwa amokisisilini chifukwa cha chimfine n'kungotaya ndalama ndi kuzunza mabakiteriya abwino a m'matumbo. Abwinowa nawonso ali ndi khoma ndipo amafa, n'chifukwa chake ena amatsegula m'mimba akamamwa mankhwalawa. Palinso bakiteriya wotchedwa maikopulazima amene amayambitsa mtundu wina wa chibayo. Iye alibe khoma chibadwire, ndipo penisilini samuchita kanthu. Mabakiteriya ena amatulutsa enzaimu yodula kamphete kaja kasanafike pa omanga mfundo. Pofuna kuthana nawo, amokisisilini amaphatikizidwa ndi asidi wa kilavulaniki, amene amatsekereza enzaimu yodulayo.

Anthu ena akalandira penisilini amatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika. Apa mankhwalawa sanaphwanye selo lililonse. Amamatirira pa mapuloteni a m'thupi, ndipo chitetezo cha thupi chimawatenga ngati mdani. Kutupa nkhope ndi kubanika kumafuna chipatala nthawi yomweyo, ndipo munthu wotere ayenera kuuza dokotala kapena namwino za vutoli asanalembedwe mankhwala ena a gulu lomweli.